Foni yoyamba ya amayi: zinthu zisanu ndi zokwanira

Mchimwene wanga amene ali ku Joni atatumiza foni yamakono kuti ikhale ya amayi, banja lonse tinasangalala. Amayi anapuma ntchito ya uphunzitsi zaka zambiri zapitazo ndipo amakhala kumudzi kwathu kwa Makhuwira. Kwa zaka zoposa khumi akhala akugwiritsa ntchito kafoni ka mabatani, ndipo sitinamvepo akudandaula nako. Foni yatsopanoyi itafika, mdzukulu wawo wina anaitengera kumsika kuti anyamata otchaja mafoni akaikemo zinthu. Inabwerako yodzaza. Patangotha sabata ziwiri amayi anandiimbira pa kafoni kawo kakale kaja, nati: “Mwanawe, bwera udzatenge chinthu chako chija. Chikumalira chokha usiku, chikumatentha ngati mbaula, ndipo mayunitsi amene ndinaika Lolemba atha ndisanaimbire munthu ngakhale mmodzi.”

Loweruka lotsatira ndinapita. Foni ndinaipeza ili m’chikwama cha ku tchalitchi, yokulungidwa m’nsalu, yozimitsa. Nditaiyatsa ndinawerenga maapu oposa makumi atatu. Munali masewera, munali za mpira, munali atatu oti amayeretsa foni, ndipo munali ina yonena kuti imayeza kuthamanga kwa magazi munthu akangoika chala pagalasi. Amayi anali atayesa kale imeneyo, ndipo inawauza kuti ali bwinobwino.

Ndalemba nkhaniyi chifukwa ndikudziwa kuti ambiri mwa inu, amayi anzanga, muli ndi makolo amene alandira kapena alandira posachedwa foni yotere kuchokera kwa ana a m’tauni. Ena mwa inu ndinu eni ake a foniyo. Maganizo anga ndi akuti munthu wamkulu amene akuyamba kumene foni yamakono asapatsidwe zinthu zoposa zisanu, ndipo zinayi mwa zimenezo zimabwera kale ndi foniyo, sizifuna bandulo. Kudzaza foni ya kholo ndi maapu ambirimbiri kumaoneka ngati chikondi, koma mapeto ake ndi foni yokulungidwa m’nsalu. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Uthenga umene ndinawalembera

Tsiku limenelo ndinafufuta zonse zosafunika, ndinasiya zithunzi zisanu zokha patsogolo, ndipo ndinakulitsa malemba. Kenako ndinang’amba pepala m’kope ndi kulemba ndi zilembo zikuluzikulu motere:

“Amayi, pa foniyi pali zinthu zisanu zokha zimene ndi zanu. Zina zonse zisiyeni.
Choyamba, pansi kumanzere, ndi choimbira. Chimagwira ntchito ngati kafoni kanu kakale. Ndalama muzionanso pomwepo, ndi nambala ija munazolowera.
Chachiwiri, pansi kumanja, chobiriwira, ndi WhatsApp. Gwirani kachithunzi ka maikolofoni, lankhulani, chotsani chala. Ine ndimva mawu anu.
Chachitatu ndi wotchi. Idzalira 6 koloko m’mawa uliwonse. Imwani mankhwala, kenako muizimitse.
Chachinayi ndi kamera. Mukachoka ku chipatala, jambulani tsamba limene alembapo, munditumizire.
Chachisanu ndi wailesi. Lowetsani chingwe cha m’makutu, siidya mayunitsi.
Munthu aliyense akakufunsani nambala yachinsinsi, kapena nambala imene yabwera pa meseji, dulani foni, mundiimbire. Ngakhale anene kuti ndi ine.
Kafoni kakale musataye.”

Uthenga wonse unathera pamenepo. Pepalalo analimata kuseri kwa chitseko cha kuchipinda, pafupi ndi kalendala.

Ndinalemba papepala dala, osati pa foni. Malangizo a kagwiritsidwe ntchito ka foni akakhala m’foni momwemo, munthu akasokonezeka sangawapeze. Ndinatchulanso chinthu chilichonse ndi malo ake, pansi kumanzere, pansi kumanja, chifukwa choimbira ndi WhatsApp zonse zili ndi chithunzi cha chogwirira cha lamya, ndipo kwa maso okalamba zimafanana. N’chifukwa chake ndinazitalikitsa. Izi ndinaziphunzira pa ntchito yanga. Mayi amene wangobereka kumene, ukamuuza zinthu khumi ndi ziwiri potuluka m’chipatala, akafika kunyumba wakumbukira ziwiri, ndipo kawirikawiri si zofunikazo. Ophunzira anga a unamwino ndimawauza kuti asankhe zochepa, azinene momveka, ndipo amupemphe mayiyo kuti abwereze ndi pakamwa pake. Ndi amayi ndinachita chimodzimodzi. Sindinachoke mpaka atanditumizira uthenga wa mawu okha katatu, ine nditakhala pakhonde, iwo ali m’nyumba.

WhatsApp, ndi zoyenera kukonza musanaisiye

Pa maapu onse ofuna intaneti ndinasiya imodzi yokha. Chifukwa chake chachikulu ndi uthenga wa mawu. Zala za munthu wa zaka za m’ma 70, zimene zagwira khasu ndi choko moyo wonse, sizigwirizana ndi timalemba tating’ono ta pagalasi. Khungu likakhala louma kwambiri, nthawi zina galasi silimva n’komwe kuti lakhudzidwa. Koma kulankhula aliyense amatha, m’Chimang’anja kapena m’Chisena, popanda kuvutika ndi kalembedwe.

Chifukwa chachiwiri ndi netiweki ya kwathu kuno. M’midzi ya m’munsi mwa mapiri a Thyolo muli malo ena amene netiweki imabwera ndi kupita. Ukaimba foni, mawu amaduka ndipo mayunitsi amapita. Uthenga wa mawu umadikira. Amayi ndinawaphunzitsa tizizindikiro ta pambali pa uthenga. Pakakhala kawotchi, uthenga sunachoke, asaubwereze, upita wokha netiweki ikabwera. Kachongi kamodzi ndiye kuti wachoka. Tiwiri ndiye kuti wafika pa foni yanga. Kudziwa zimenezi kunawachotsera nkhawa yoti mwina ndikuwanyalanyaza.

Koma WhatsApp ikasiyidwa monga mmene yabwerera, imadya bandulo mofulumira. Aliyense akatumiza chithunzi kapena kanema pagulu, foni imatha kumazikopera yokha mwini wake asanafune. Magulu a pabanja ndi a kumpingo mukuwadziwa, m’mawa uliwonse maluwa, mavesi ndi makanema a kwaya. Mwana amene akukonza foni ya kholo alowe apa ndi kuchotsa zochonga zonse:

```
WhatsApp > Settings > Storage and data > When using mobile data
```

Akatero, zithunzi ndi makanema zimadikira mpaka munthu atazikhudza yekha, koma mauthenga a mawu amafikabe. Pa `Settings` pomwepo pali `Privacy`, ndipo m’kati mwake muli `Groups`. Sankhani `My contacts` kuti anthu osawadziwa asamawalowetse m’magulu a malonda ndi a mankhwala odabwitsa. Kuimbirana koonana nkhope n’kosangalatsa, koma kumadya bandulo kangapo kuposa kuimbirana kwa mawu okha. Ife tinagwirizana kuti koonana kukhale kwa Lamulungu masana, pamene zidzukulu za ku Joni zili pakhomo.

Za mayunitsi otha okha aja, chimene chinkachitika ndi ichi. Intaneti ya pa foni inali yotsegula usana ndi usiku, bandulo inali itatha, ndipo maapu aja ankadzikonza okha ndi kukopera zotsatsa malonda pogwiritsa ntchito mayunitsi oimbira. Mankhwala ake ndi kugula bandulo ya WhatsApp yokha ya mwezi wonse, imene makampani a mafoni amagulitsa padera, ndi kuletsa maapu kudzikonza okha pa `Play Store`. Komatu pali chinthu chimodzi chimene ambiri sadziwa. WhatsApp ikakhala miyezi ingapo osaikonzanso, imafika poleka kugwira ntchito ndipo imalemba kuti yatha nthawi. Bandulo ya WhatsApp yokha siingakwanitse kuikonzanso, pamafunika bandulo ya intaneti wamba. Choncho ndi udindo wa mwana kuti akapita kukacheza kumudzi aikonzenso. Ine ndimachita zimenezi nthawi iliyonse ndikapita, ndisanakhale n’komwe pamphasa. Foni ikasokoneza tsiku ndi nthawi, WhatsApp imakananso kutseguka, ndiye muzionanso kuti tsiku likulondola.

Chomaliza pa nkhaniyi: WhatsApp ikhale yeniyeni, yochokera pa `Play Store`. Kumsika amakonda kuika zina zofanana nayo, monga `GB WhatsApp`, pozisamutsa kuchokera pa foni ina. Eni ake a WhatsApp amatha kutseka nambala imene ikugwiritsa ntchito zotengerazo, ndipo palibe amene angakutsimikizireni kumene mauthenga anu akupita.

Wotchi ndi kamera ndiye zaumoyo zenizeni

Anthu akamva kuti ndine namwino amayembekeza kuti ndiwatchulira apu ya zaumoyo. Ndilibe yoti nditchule. Zinthu ziwiri zimene zathandiza thanzi la amayi kuposa zonse zinabwera kale ndi foni.

Amayi ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Matendawa kawirikawiri samveka m’thupi. Munthu amadzuka bwinobwino, amapita kudimba, n’kuiwala mankhwala, kapena kuganiza kuti wachira. Ambiri amene ndawaonapo atafa ziwalo mbali imodzi anali ndi mankhwala m’nyumba. Alamu ya pa foni siifuna netiweki kapena bandulo. Mumaitchera kamodzi, n’kusankha kuti izilira masiku onse asanu ndi awiri. Ya amayi ndinaiika 6 koloko m’mawa, chifukwa limodzi mwa mapiritsi awo ndi lija lokodzetsa, ndipo kumwa limenelo madzulo ndi kudziputira ulendo wa kuchimbudzi pakati pa usiku, kumene anthu okalamba amagwa. Nthawi ya mankhwala a kholo lanu mufunse amene anawalembera, musatengere ya amayi anga. Lamulo lathu ndi lakuti alamu siizimitsidwa piritsi lisanamezedwe, chifukwa munthu akazimitsa n’kunena kuti amwa akamaliza kusesa, basi waiwala. Ndinatcheranso chikumbutso cha tsiku lokatenga mankhwala ena, kuti chizilira kutatsala masiku atatu, apeze nthawi yokonza za kabaza.

Kamera ntchito yake yaikulu ndi buku la kuchipatala. Amayi akapita kukayezetsa ku chipatala cha Makhuwira, amajambula tsamba limene alembapo tsiku limenelo n’kunditumizira. Ndimaona manambala awiri aja a kuthamanga kwa magazi. Akakhala pa 140/90 kapena kupitirira maulendo angapo motsatizana, ndimadziwa kuti pali zofunika kukambirana ndi achipatala. Ndimaonanso ngati asinthiridwa mankhwala. Kale zonsezi ndinkazimva ndi pakamwa: “Andipatsa toyera tating’ono.” Mapiritsi oyera ang’onoang’ono alipo ambirimbiri.

Kujambula bwino kumafunanso kuphunzitsa. Zithunzi zoyamba zinali za chala ndi mphasa. Tinagwirizana kuti buku aziliika pansi panja pamthunzi, agwire foni ndi manja awiri, awerenge mpaka katatu, kenako akhudze. Akatha aone ngati iwo eni akutha kuwerenga zimene ajambulazo. Ngati sakutha, inenso sinditha.

Palinso chifukwa china chimene ife a m’chigwa cha Shire sitifunika kuuzidwa kawiri. Madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023 anatenga nyumba ndi ziweto, komanso anatenga mapepala. Munthu akafika pamsasa wopanda buku la kuchipatala, osadziwa dzina la mankhwala ake, wachipatala amayamba kufufuza ngati kuti ndi wodwala watsopano. Chithunzi chimene chatumizidwa kwa mwana amene ali kwina chimapulumuka ngakhale foniyo itapita ndi madzi. N’chifukwa chake ndimati kujambula kokha sikokwanira, chithunzicho chitumizidwe. Tinajambulanso chiphaso cha unzika ndi mapepala a penshoni, ndipo zithunzizo ndimasunga ine. Pa foni yawo ndinazifufuta, chifukwa foni imadutsa m’manja ambiri pokatchajitsa.

Tsopano za apu yoyeza magazi ija. Galasi la foni silingayeze kuthamanga kwa magazi. Makina enieni amafinya mkono ndi lamba wopopa mpweya, ndipo ndi mmene amapezera manambala. Maapu a kuika chala pagalasi ambiri amangolemba manambala ooneka bwino. Mu 2016 madokotala a ku yunivesite ya Johns Hopkins ku Amerika anayesa apu ina yotchuka yogulitsidwa, imene inkati imayeza magazi ndi foni yokha, ndipo anapeza kuti pa miyezo isanu iliyonse imene magazi anali okweradi, pafupifupi inayi apuyo inkati zili bwino. Imeneyo inali yolipira. Nanga yaulere yoikidwa kumsika? Kuopsa kwake n’kwakuti munthu akauzidwa kuti ali bwino amasiya mankhwala. Mukaipeza pa foni ya kholo lanu, kapena ina yonena kuti imayeza shuga mwa njira yomweyo, ifufuteni tsiku lomwelo.

Ndalama zikhale pomwe anazolowera

Apa ndi pamene ndinatsutsana ndi mchimwene wanga. Iye ankafuna kuti amayi akhale ndi apu ya kubanki ndi apu ya ndalama za pa foni, kuti asamavutike. Ine ndinakana. Amayi akhala akulandira ndalama pa foni kwa zaka zambiri poimba timanambala tija, `*211#` kwa a Airtel Money kapena `*444#` kwa a TNM Mpamba, ndipo zala zawo zinaloweza njira yake. Manambala amenewa amagwiranso ntchito pa foni yamakono, pa choimbira pomwepo, popanda bandulo. Mabanki nawonso ali ndi manambala otere, monga `*626#` ya National Bank, ndipo wopuma ntchito angathe kuona ngati penshoni yalowa asanawononge ndalama za ulendo wopita ku Thabwa n’kupitirira. Chimene munthu akuchidziwa kale ndipo chikugwira ntchito, musachisinthe tsiku limene mukumuphunzitsa zina zinayi.

Chimene ndinakhalirapo nthawi ndi akuba. Njira zawo zodziwika ndi ziwiri. Yoyamba, pamabwera meseji yooneka ngati yolandirira ndalama, kenako munthu amaimba modandaula kuti watumiza molakwitsa, ndalamazo zinali za maliro kapena za wodwala, chonde mubweze. Makolo athu ndi anthu achifundo, ndipo akubawo amadalira chifundocho. Chizindikiro chake n’chakuti meseji yabodza imachokera pa nambala wamba ya munthu, pamene yeniyeni imabwera ndi dzina la kampani. Koma maso okalamba sangadalire zimenezo. Njira yosalephera ndi kudula foni, kuimba nokha nambala ya ndalama ija, ndi kuona ngati ndalama zawonjezekadi. Ngati munthu walakwitsadi, akadandaule ku kampani, ndi imene ili ndi njira yobwezera.

Yachiwiri ndi yoba WhatsApp. Pamabwera meseji yokhala ndi manambala 6, kenako wina amalemba kapena kuimba kuti manambalawo ndi ake, abwera kwa inu mwangozi, kapena kuti akufunika polembetsa thandizo. Mukangomuuza, WhatsApp yanu imasamukira pa foni yake, ndipo amayamba kupempha ndalama kwa ana anu ndi anzanu a m’bungwe m’dzina lanu. N’chifukwa chake ndinalemba kuti “ngakhale anene kuti ndi ine”, popeza uthenga wotere umatha kuchokera pa nambala ya m’bale amene waberedwa kale. Pali loko wina wothandiza:

```
WhatsApp > Settings > Account > Two-step verification
```

Apa mumasankha nambala yanu yachinsinsi ya manambala 6, imene wakuba sangaidziwe ngakhale atapeza ya pa meseji. Isafanane ndi ya ndalama, ndipo isakhale chaka chobadwa. Amayi analemba yawo m’kope limene amasunga m’sutikesi.

Wailesi, kutentha ndi kafoni kakale

Mafoni ambiri otsika mtengo amene amapezeka kuno, monga a itel ndi Tecno, amakhala ndi wailesi ya FM. Imasiyana ndi wailesi ya pa intaneti chifukwa siidya bandulo. Ambiri amafuna kuti mulowetse chingwe cha m’makutu, chifukwa chingwecho ndiye mlongoti wake, koma mawu mungathe kuwatulutsa pa sipika. M’nyengo ya mvula, machenjezo a nthambi yoona zanyengo amaulutsidwa pa wailesi, ndipo wailesi imamveka ngakhale netiweki ya foni itagwa. Uthenga wa pa wailesi uli ndi mwini wake wodziwika. Wa pagulu la WhatsApp nthawi zina umakhala chithunzi cha madzi a chaka china kapena a dziko lina.

Foni yamakono ili ndi chofooka chimodzi chachikulu, ndicho batire. Kafoni ka mabatani kamatha masiku angapo, iyi tsiku limodzi kapena awiri. Mitsinje yotsika m’mapiri ikadzaza, msewu wa Thabwa kupita ku Fatima n’kuduka, magetsi n’kuzima masiku angapo, kafoni kakale ndi kamene kamatsala ndi moyo. Amayi amakatchaja sabata iliyonse ndipo m’nyengo ya dzinja amakasunga m’kapepala ka pulasitiki. Kutentha kwa kuno mu Okutobala ndi Novembala nakonso kumawononga mabatire. Foni isasiyidwe padzuwa pafupi ndi sola pamene ikutchajidwa, ndipo isaikidwe pansi pa pilo. Mukaona chivundikiro cha kumbuyo chikutukuka, batire yatupa, musaitchajenso.

Kodi uku si kuwaderera?

Mnzanga wina wa ku ntchito atamva zimenezi anandifunsa kuti: “Mayi amene anaphunzitsa ana a anthu zaka makumi atatu, iwe ukuwasankhira zoti aone ngati mwana wa sitandade 1?” Funsoli n’lolemera ndipo ndinaliganizira. Pali ana amene amagwira foni ya kholo ngati yawo, amawerenga mauthenga, amadziwa nambala yachinsinsi ya ndalama, ndipo amati akuthandiza. Kumeneko n’kulanda. Ine nambala yachinsinsi ya ndalama za amayi sindiidziwa, ndipo sindifuna kuidziwa. Chilichonse chimene ndinafufuta ndinayamba ndawaonetsa ndi kuwafunsa ngati akuchifuna.

Koma kuyamba ndi zochepa si kunyoza nzeru za munthu. Ophunzira anga ndi anzeru, komabe palibe amene amabereketsa mayi sabata yake yoyamba. Amayamba ndi kusamba m’manja ndi kuyeza kutentha kwa thupi, ndipo zimenezo zikakhazikika timawonjezera. Zisanu zija ndi poyambira. Chachisanu ndi chimodzi chibwere pamene mwini wake wachipempha, chifukwa cha ntchito imene akuifuna, ndipo chibwere chokha. Amayi atatha miyezi itatu anandifunsa okha ngati n’zotheka kumawerenga Baibulo pa foni ndi malemba akuluakulu, popeza a m’buku anayamba kuwachepera. Tinaika, tinakopera mawu ake kuti aziwerengeka popanda bandulo, ndipo amagwiritsa ntchito tsiku lililonse chifukwa anachifuna okha. Facebook sanaifunsebe, ndipo ine sindinaitchule.

Ena amati zidzukulu zilipo, ziziwathandiza. Zidzukulu zimathandizadi, koma kathandizidwe kake ndi kulanda foni, kukhudzakhudza mofulumira, n’kubweza zitatheka. Gogo sanaphunzire kanthu, ndipo madzulo mumapeza masewera atatu atsopano. Pothandiza munthu wamkulu, foni ikhale m’manja mwake, inu manja anu akhale pamiyendo, muzingonena. Zimatenga nthawi, koma mawa adzachita yekha.

Mudzadziwa kuti m’foni mwalowa zosafunika mukaona zotsatsa malonda zikutulukira zokha munthu asanatsegule kanthu, foni ikutentha ili chigonere, batire ikutha msanga kuposa kale, kapena pakubwera mawu oopseza akuti foni yadwala, dinani apa. Musadine. Maapu oti amayeretsa kapena kufulumizitsa foni ndi amene kawirikawiri amabweretsa zimenezi. Gwirani chithunzi chake kwa kanthawi, sankhani `Uninstall`.

Pempho langa kwa inu ndi laling’ono. Pa msonkhano wanu wotsatira wa bungwe, patulani theka la ola. Amene ali ndi mafoni amakono akhale awiriawiri ndi amene angowalandira kumene. Tcherani alamu ya mankhwala, tsekani zokopera zokha, ndipo aliyense atumize uthenga wa mawu umodzi ndi dzanja lake. Amene muli ndi makolo kumudzi, lembani pepala lanu m’mawu anu, lisapitirire tsamba limodzi la kope, ndipo mukalipereke nokha.

Foni ya amayi sinabwererenso m’nsalu muja. Sabata yatha, itangokwana 6 koloko ndi mphindi zochepa, ndinalandira uthenga wa mawu, kumbuyo kukumveka atambala. Anati: “Ndamwa. Koma chithunzi cha dzulo chija usachiwerenge, ndinajambula tsamba la mwezi watha. Ndijambulanso dzuwa likatuluka.”